Nkhani ya Kondwani wa ku Joni: aifotokoze ndani?

Tadala (Area 25):
Akuluakulu ndi anzanga pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Ndikulemba nthano yaitali ya mnyamata wa ku Chinsapo, Kondwani, amene anapita ku Joni n'kupeza ntchito ya m'gadeni ku Randburg. Kuno anasiya mkazi wake Alinafe ndi mwana mmodzi, Tamandani. Ndalama amatumiza kudzera kwa mng'ono wake Mavuto kuti azimanga nyumba pa poloti ku Njewa. Chaka chachitatu ntchito ikutha, koma iye sakuuza munthu, akungokongola kwa anzake n'kumatumizabe. Kunonso nyumba inaima pa windo chifukwa Mavuto akudyako ndalama. Alinafe akudziwa, koma akuopa kudanitsa anthu pachibale, ndiye amangojambula khoma limodzi lomwe linafika pa lintala n'kumatumiza zithunzizo. Mitu yoyambirira ndalemba Kondwani akufotokoza yekha, "ndinapita, ndinaona". Tsopano ndikufuna kulowetsa za ku Njewa ndipo zikukanika kulowa. Ndisinthe wofotokoza, kapena pali njira yozilowetsera?

Yamikani (Chinsapo):
Achemwali musasinthe. Nkhani ya munthu wa kunja imakoma mwini wake akamalankhula yekha. Mantha oona galimoto ya apolisi masiku ako atatha, manyazi ogona anthu asanu m'chipinda chimodzi, zimenezo "ana-" sangazinyamule ngati "ndina-". Za ku Njewazo azizimva pa foni basi.

Bambo Mbewe (Kawale):
A Yamikani mwagwira mbali imodzi yoona, koma pa foni pomwe mukunenapo m'pamene pagona vuto. Pa foni Kondwani akumva bodza. Ngati iye yekha ndiye wofotokoza, wowerenga naye azimva bodza lomwelo mpaka tsiku lomwe Kondwani adzadziwe zoona. Ndiye funso kwa inu a Tadala nali: mukufuna wowerenga adzadzidzimuke pamodzi ndi Kondwani kumapeto, kapena mukufuna adziwe msanga kuti onse awiri akunamizana, aziwerenga mtima uli m'mwamba poona awiriwa akuuzana "kuno zonse zili bwino"? Zimenezi ndi nthano ziwiri zosiyana, ngakhale zochitika zake n'zimodzi.

Ine ndikuona kuti mphamvu ya nkhani yanu ili pa yachiwiriyo. Kudzidzimuka kumatha tsamba limodzi. Koma wowerenga akadziwa pa mutu wachisanu kuti ndalama imene Kondwani wakongola pa katapila ikukathera m'thumba la Mavuto, foni iliyonse imene awiriwa adzaimbirane kuchokera pamenepo izimupweteka.

Musanasinthe kalikonse, chitani izi. Tengani pepala, lembani m'munsimunsi zochitika zikuluzikulu zonse, mwina zikwana 12 kapena 15. Pambali pa chilichonse yankhani mafunso atatu: chikuchitikira kuti, alipo ndi maso ake ndani, ndipo winayo adzachidziwa liti. Mukatha, werengani zochitika zomwe Kondwani palibepo. Zikakhala ziwiri kapena zitatu, "ndina-" wanu akhoza kupirira, adzazimva pambuyo pake. Koma zikafika zisanu mwa 15, ndiye kuti gawo lalikulu la bukulo lidzakhala Kondwani akutiuza zomwe anachita kuuzidwa, ndipo nkhani yauzidwauzidwa imazizira.

Tadala:
Zikomo bambo. Ndayesa pompano. Zakwana 14, ndipo zisanu ndi chimodzi zikuchitika kuno: Alinafe kupeza kuti pa matumba 20 a simenti omwe ananenedwa anafika 8 okha, kukangana ndi mmisiri, kupita kwa apongozi kukadandaula n'kubwezedwa, ndi zina.

Bambo Mbewe:
Ndiye pepalalo layankha. Kubwezedwa kwa apongoziko sikofunika kukumvera kwa munthu amene anali ku Randburg.

Gift (Biwi):
Nkhani za ku Joni zachuluka kwambiri, bwanji osamupititsa ku Israel? Kuyambira November 2023 achinyamata akhala akupita kukagwira ntchito m'minda kumeneko, imeneyo ndiye yatsopano. Koma ngati ndi Joni yomweyo, njira muilembe bwino. Basi yochokera ku Lilongwe imatulukira pa Dedza, kudutsa Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, Harare, kenako Beitbridge, Musina, mpaka Joni. Ena amalemba ngati munthu wangotuluka Malawi n'kugwera mu South Africa.

Mayi Nachisale (Area 18):
A Gift, funso silinali la dziko, koma njira mwatchulayi itithandiza. Ulendo umenewu ndi malo abwino oyesera wofotokoza. Amene akudutsa koyamba sadziwa maina onsewo motsatana chonchi. Amadziwa kuti anawatsitsa usiku, anaima pamzere, wina anamuuza kuti akonzeretu kangachepe, anawoloka mlatho wautali pa Zambezi ndipo kunkatentha. Mukalemba Kondwani akutchula zipata zonse bwinobwino pamodzi ndi mtunda wake, ndiye kuti akulankhula si Kondwani wa tsiku limenelo. Mwina ndi Kondwani wa zaka zisanu pambuyo pake amene wadutsapo kangapo, kapena ndi mlembi amene wayang'ana pa mapu. Woyambayo ndi wololedwa ngati mwamukonzera malo. Wachiwiriyo wowerenga amamugwira msanga.

Yamikani:
Komabe mayi, zimenezo zikugwirizana ndi ine. Kusadziwako kumamveka bwino mwa "ndina-".

Mayi Nachisale:
Kumamveka mwa onse awiri, mwanawe. Anthu ambiri amaganiza kuti ukalemba "ana-" ndiye kuti wofotokoza wako akudziwa zonse. Ayi. Pali "ana-" wodziwa zonse, amene amalowa m'mutu mwa aliyense ndipo amadziwa ndi za mawa zomwe. Palinso "ana-" womamatira munthu mmodzi, woona zokhazo zimene munthuyo akuona. Taonani chochitika chimodzi, Kondwani akuimba foni atangochotsedwa ntchito.

Mwa "ndina-": *Ndinakhala pa chigubu kuseri kwa chipinda n'kumuimbira Alinafe. Ndinamuuza kuti abwana apita ku holide, malipiro achedwa pang'ono. Anangoti chabwino, ndipo ndinathokoza kuti sanafunse zambiri.*

Mwa "ana-" womamatira Kondwani: *Kondwani anakhala pa chigubu kuseri kwa chipinda n'kumuimbira Alinafe. Abwana apita ku holide, anatero, malipiro achedwa pang'ono. Alinafe anangoti chabwino. Sanafunse zambiri, ndipo mtima wa Kondwani unakhala pansi.*

Mwa wodziwa zonse: *Alinafe anangoti chabwino. Sanafunse zambiri chifukwa ankaopa kuti naye afunsidwa za simenti.*

Ziwiri zoyambazo zikudziwa zofanana. Yachitatuyo yaulula m'chiganizo chimodzi chinthu chimene chikanadyetsa mutu wathunthu. N'chifukwa chake pa nkhani ya a Tadala wodziwa zonse sindikumufuna. Anthu awiriwa atalikirana, ndipo wofotokoza amene akudumpha kuchoka ku Randburg kufika ku Njewa m'ndime imodzi akufafaniza mtunda umene bukulo likufuna kuti tiumve.

Bambo Mbewe:
Ndi zoona. Zimene ndingalangize ndi "ana-" womamatira, koma wosinthana: mutu uwu Kondwani, mutu winawo Alinafe, osasintha pakati pa mutu. Ndipo foni imodzi yomweyo mukhoza kuilemba kawiri, koma kamodzi kokha m'buku lonse. Koyamba tili pa chigubu ndi Kondwani, tikumva "chabwino" ngati chifundo cha mkazi. Mutu wotsatira tili pa poloti ndi Alinafe, wagwira foni dzanja limodzi, kutsogolo kwake kuli mulu wa mchenga womera udzu, ndipo "chabwino" yemweyo tikumumva kuti ndi mantha. Mukachita kawiri katatu wowerenga amazindikira msampha n'kuyamba kudumpha masamba.

Tsopano pali zinthu za m'chilankhulo chathu zomwe zimaulula pomwe wofotokoza waima, ndipo olemba ambiri amagwa pamenepa osadziwa. Choyamba ndi kubwera ndi kupita. M'mutu wa Kondwani, "kuno" ndi Joni. Mukalemba m'mutu umenewo kuti "Mavuto anabwera ku poloti ndi lole ya njerwa", mwanyamula wofotokoza n'kumuimika ku Njewa. Kondwani akhoza kungodziwa kuti Mavuto akuti anapita ku poloti. Chimodzimodzi timawu ta m'kati mwa mneni, -ka- ndi -dza-. "Anakamuona" ndiye kuti tachoka pomwe tili, "anadzamuona" ndiye kuti wafika pomwe tili. Alinafe amati "akabwera bambo ake", Kondwani amati "ndikapita kumudzi", ndipo kumudziko akunena Chinsapo, m'tauni mwenimweni. Mukamaliza mutu, dutsani ndi cholembera chofiira pa "kuno", "uko", "kumeneko", "bwera", "pita", "-ka-", "-dza-" aliyense, n'kufunsa kuti wonenayu mapazi ake ali kuti.

Mayi Nachisale:
Chachiwiri ndiwonjezere ine, ndi ulemu. Munthu mmodzi amakhala ndi maina osiyana malinga ndi maso amene tikuonera. M'mutu wa Kondwani, Mavuto ndi Mavuto basi, mng'ono wake, "anamuimbira", "anamukalipira". M'mutu wa Alinafe yemweyo ndi alamu, "anawaimbira", "anawadikira mpaka dzuwa kupendeka". Ndipo mwamuna wake sangakhale Kondwani m'maganizo mwake ngati pakamwa amati bambo a Tamandani. Wofotokoza womamatira amabwereka ulemu wa munthu amene wamumamatirayo. Mukachita bwino zimenezi simufunikanso kulemba dzina pamwamba pa mutu, wowerenga adziwa pa mzere woyamba kuti ali ndi ndani.

Ndiye pali phindu lina. Tsiku limene Alinafe watopa, waona alamu akewo atavala nsapato zatsopano pomwe mmisiri sanalipidwe, wofotokoza akhoza kusiya "anawayang'ana" n'kunena "anamuyang'ana". Kaphatikizo kamodzi, koma aliyense wowerenga Chichewa amva kuti ulemu watha. Musakawononge msanga. Kasungeni mpaka pamalo pake.

Tadala:
Mayi, pamenepa mwanditsegula maso. Koma ndili ndi nkhawa ndi "ana-". Ndikalemba anthu awiri akukangana, "anati", "anayankha", "anamuyang'ana", sizidziwika kuti ndani ndi ndani. Mwa "ndina-" vuto limeneli kunalibe.

Bambo Mbewe:
Nkhawa yoona imeneyo, ndipo ndi mtengo umene mulipire. "Ana-" wathu sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi, mmodzi ndi ambiri, kapena mwana ndi wolemekezeka. Koma ulemu umene anena mayiwo umachepetsa vutoli, chifukwa "anawauza" ndi "anamuuza" zikulozera anthu osiyana. Kwinako mumathandizidwa ndi zochita. Mpatseni aliyense chogwira. Alinafe ali ndi kope lomwe amalembamo matumba a simenti, Mavuto akuseweretsa makiyi a njinga yamoto. Mukati "anatseka kope", tadziwa. Pa anthu awiri, dzina libwere pakadutsa mizere inayi kapena isanu. Pa anthu atatu kapena kuposa, monga bwalo la kwa apongozi lija, dzina kapena udindo uzibwera pafupifupi paliponse pamene wolankhula wasintha. Ndipo werengani mokweza kwa munthu amene sakuidziwa nkhaniyo. Pomwe akufunseni kuti "wanena ndani?", ikani chizindikiro.

Yamikani:
Ine sindinagonjebe. Bwanji onse awiri alankhule mwa "ndina-", mutu uwu Kondwani, winawo Alinafe? Vuto la "anati" latha, za ku Njewa zalowa, kutentha kwa mawu a mwini wake kulipo.

Bambo Mbewe:
Zimatheka, ndipo sindikuletsa. Koma muone zomwe zimafunika. "Ndina-" aliyense ali ndi mafunso atatu omwe mlembi ayenera kuyankha ngakhale osawalemba m'buku: akulankhula liti, akuuza ndani, chifukwa chiyani. Kondwani akamati "ndinkagwira ntchito ku Randburg", ndiye kuti zonse zinatha, ali moyo, ndipo akudziwa kale za simenti. Nanga akutibisiranji mitu khumi? Wowerenga akazindikira amamva kuti wapusitsidwa. Njira yozemba ndi kulemba za pompano, "ndikukhala pa chigubu, ndikumuimbira", koma "ndiku-" wa masamba 200 amatopetsa khutu, ndipo nkhani ya zaka zitatu imavuta kuidumphitsa miyezi.

Chachiwiri, mawu awiriwo ayenera kusiyana zenizeni. Nthawi zambiri olemba atsopano akalemba "ndina-" awiri, onse amalankhula ngati mlembi. Yesani motere: tengani ndime imodzi kwa aliyense, fufutani maina ndi malo, mupatse mnzanu. Akalephera kudziwa kuti uyu ndi mwamuna wa ku Joni, uyu ndi mkazi wa ku Chinsapo, mawuwo sanasiyane. Kondwani wa chaka chachitatu Chichewa chake chalowa timawu ta kumeneko, amawerengera zinthu m'marandi, ziganizo zake n'zazifupi chifukwa wazolowera kusalankhula kwambiri mu takisi kuopa kudziwika kuti ndi mlendo. Alinafe amawerengera m'matumba, m'malata, m'fizi ya mwana, ndipo amalankhula mozungulira monga mkazi wokhala pafupi ndi achibale a mwamuna.

Limbani (Area 36):
Ndiponyeko ina imene simunaitchule. Bwanji "ife"? Anthu a pamalopo, amayi a pa mjigo, anyamata a kabaza, aneba. *Tinamuona Alinafe akutsika minibasi ndi foni yatsopano, ndipo tinadziwa kuti ku Joni kwagwa mvula.* Nkhani za anthu a kunja kuno timazidziwa chonchi, mwa mphekesera. Amene watumiza firiji pa thiransipota timamudziwa, amene watchona timamudziwa.

Mayi Nachisale:
Chiganizo chanucho n'chokoma, a Limbani, ndipo pa nthano yaifupi ya masamba asanu kapena khumi ndingakusankhireni "ife" ameneyu. Ali ndi mphamvu imodzi yaikulu, amalakwitsa molimba mtima. Akuti kwagwa mvula pomwe munthu akugona ndi njala. Koma "ife" salowa m'nyumba ya munthu usiku, ndipo sawoloka Beitbridge. Pa nthano yaitali ya a Tadala angagwire ntchito ngati timitu tatifupi ta tsamba limodzi pakati pa zigawo, mwina katatu m'buku lonse. Kupitirira apo ofotokoza akhala atatu, ndipo pa buku loyamba ndi katundu wolemera.

A Jere (Lumbadzi):
Pepani ndilowetse yanga, ikufanana pang'ono. Ine ndikulemba ya nthawi ya Wenela, bambo wa ku Dowa amene ali ku migodi mu 1974, chaka chimene ndege yonyamula anthu athu obwerera kumudzi inagwa ku Francistown mu April, Kamuzu n'kuimitsa zolemba anthu ntchito za ku migodi. Foni kunalibe. Ndimafuna wodziwa zonse kuti afotokoze mbiri yonseyi, mpaka kuyambiranso mu 1977 ndi kutha kwa TEBA kuno ku Malawi mu 1988. Kodi pamenepa wodziwa zonse si woyenera?

Bambo Mbewe:
Akulu, ngati cholinga ndi mbiri ya zaka 14 ndi mabanja angapo, wodziwa zonse ali ndi malo ake. Koma chenjerani, amakonda kusanduka mphunzitsi wa mbiri, ndime zitatu za zaka ndi maina, anthu a m'nkhani ataima kudikira. M'nkhani yanu muli wofotokoza wina amene ndikumuona ali pakhomo pomwepo. Makalata a nthawi imeneyo kawirikawiri ankadutsa m'manja mwa anthu ena. Wosadziwa kulemba ku komponi ankauza mnzake womulembera, ndipo kumudzi kalata inkawerengedwa mokweza ndi mwana wa sukulu. Mwana ameneyo ndiye amadziwa zonse zolembedwa, amaona nkhope ya amayi ake pomva, ndipo akhoza kudumpha mzere umene akuona kuti uwapweteka. Akafotokoza atakula, "ndina-" wake ali ndi chifukwa chomveka chonenera, ndipo za 1977 ndi 1988 akuzidziwa chifukwa anazikhalamo. Za ndegeyo azimve monga zinafikira pamudzi, mwapang'onopang'ono, anthu osadziwa kuti m'ndegemo munali ndani.

A Jere:
Koma za pansi pa mgodi mwanayo sanazione.

Bambo Mbewe:
Sanazione, ndipo pamenepo musankhe. Ngati mtima wa buku lanu uli pansi pa mgodi, mwanayo sakukwanira. Ngati uli pa kudikira, akukwanira ndi kutsala. Pepala la mafunso atatu lija lichiteni nanunso.

Chisomo (Mchesi):
Ine ndikufuna ndiikire kumbuyo a Yamikani pang'ono, chifukwa pali nkhani ya kunja imene "ndina-" ndiye mwini wake. Mtsikana wopita ku Oman kukagwira ntchito ya m'nyumba, pasipoti yasungidwa ndi abwana, mwina ndi foni yomwe, chilankhulo sakuchimva, sangachoke pantchito popanda chilolezo cha amene anamuitanitsa. Dziko lake lonse ndi khitchini, masitepe ndi kachipinda. Pamenepo kusadziwa zakunja ndiye nkhaniyo. Mukayamba kusinthana ndi mitu ya kumudzi mwamutsegulira wowerenga zenera, apume, pomwe mtsikanayo alibe popumira. Ndiye si kuti "ndina-" ndi wofooka. Nkhani ya Kondwani ili ndi zinsinsi ziwiri mbali ziwiri, iyi ili ndi khoma limodzi.

Yamikani:
Eya, zimenezo ndiye ndimanena ine.

Mayi Nachisale:
Mwa zina, a Yamikani. Tibwerere kwa Kondwani, pali chinthu chimene chimawononga mitu ya kunja ngakhale wofotokoza atasankhidwa bwino. Maso a munthu amasintha ndi nthawi. Sabata yoyamba Kondwani aona zonse: mipanda ya magetsi pamwamba pa makoma, anthu akuimitsa takisi ndi zizindikiro za zala zimene iye sakuzidziwa, agalu okhala ndi dokotala wawo, chisanu cha mu June choumitsa kapinga amene akuyenera kumusamala. Chaka chachitatu zimenezi sazionanso. Amaona mtengo wa buledi, amaona galimoto ya apolisi ili patali, amaona m'Malawi mnzake pa kayendedwe. Mukapeza pa mutu wa khumi wofotokoza akudabwabe ndi nyumba zitalizitali, ndiye kuti wasiya kumamatira Kondwani, wayamba kuonetsa wowerenga malo ngati mlendo wokaona dziko.

Chimodzimodzi chilankhulo. Zimene Kondwani sakumva, wowerenga asamve. Kondakitala kapena wapolisi akamulankhula Chizulu mwezi woyamba, tilembe zomwe iye watolapo, liwu limodzi, nkhope, dzanja lotambasulidwa. Osalemba chiganizo chonse n'kuchimasulira. Pofika chaka chachitatu akumva, ndiye zolankhulazo zilembedwe m'Chichewa choongoka, kungonena kamodzi kuti ankalankhula Chizulu. Wowerenga adzamva yekha kuti munthuyu wakhazikika.

Gift:
Pa za mapepala onetsetsani izi. M'Malawi amalowa mu South Africa popanda viza n'kupatsidwa masiku 30. Kuyambira 2014, ukapitirira masiku ako amakuletsa kulowanso: chaka chimodzi ngati wapitirira ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati waposa apo. Ogwidwa amawasunga ku Lindela, ku Krugersdorp, podikira kuwabweza. Komanso nthawi ya ku Joni ndi ya kuno ndi imodzi, musalembe zoti kuno ndi usiku uko ndi masana. Oman ndiye ali patsogolo ndi maola awiri.

Bambo Mbewe:
Apa a Gift mwabweretsa chinthu chokhudza wofotokoza mwachindunji. Lamulo la zaka zisanulo ndilo chifukwa chimene Kondwani sangangokwera basi kudzaona nyumba n'kubwereranso. Iye akulidziwa bwino. Funso n'lakuti Alinafe akulidziwa? Ngati sakulidziwa, m'mitu yake kusabwera kwa mwamuna kukuoneka ngati kutchona, mwina kuli mkazi wina, ndipo wofotokoza wa mitu imeneyo asamuthandize ndi kufotokoza lamulo. Wowerenga analimva kale kwa Kondwani, ndipo adzafuna kumukuwira Alinafe kuti si choncho. Musaike ndime yofotokoza malamulo a za kulowa ndi kutuluka. Lituluke pakamwa pa mnzake wa m'chipinda, tsiku limene Kondwani wanena kuti akufuna kupita ku maliro kumudzi.

Tadala:
Nanga mauthenga a mawu a pa WhatsApp? Ndimaganiza kuti mitu ina ikhale mauthenga okhaokha, opanda wofotokoza.

Chisomo:
Ndi abwino chifukwa ndi pomwe bodza likukhala, koma ali ndi msampha. Mlembi amayamba kuwagwiritsa ntchito pouza wowerenga zinthu, ndiye mumapeza mkazi akuuza mwamuna wake kuti "monga mukudziwa, poloti yathu ya ku Njewa tinagula chaka chatha". Palibe amalankhula choncho, bandulo yake iti? Uthenga weniweni ndi waufupi, umayamba ndi moni ndi za mwana, chofunikacho chimabwera kumapeto mongodutsa: *ndiye amisiri aja amafunsa, koma musadandaule.* Ndingati musapange mutu wathunthu. Ikani uthenga umodzi kapena iwiri m'kati mwa mutu, tikuona wolandirayo akuumvera, kuubwereza, kuyamba kuyankha n'kufufuta. Kufufutako uthenga pawokha sungakuonetse, pamafunika wofotokoza.

Limbani:
Funso limene latsala kwa ine ndi Mavuto. Sapatsidwa mutu ngakhale umodzi? Akapanda kupatsidwa akhala wakuba chabe, pomwe anthu olandira ndalama za achibale amakhalanso pa moto. Amayi akudwala, a kumudzi akupempha feteleza, Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 simenti n'kukwera, onse akuyang'ana iye chifukwa ndi amene amakatenga ndalama ku Mukuru.

Mayi Nachisale:
Ine ndingamupatse umodzi, cha pakati, kuti wowerenga asinthe maganizo pa iye.

Bambo Mbewe:
Apa mayi tisiyana. Mutu umodzi wokha wa munthu wachitatu umaoneka ngati chigamba, ndipo ukuphwanya lamulo limene bukulo ladziikira, loti tili ndi awiri otalikirana ndipo pakati pawo pali mdima. Mavuto ndiye mdimawo. Zimene a Limbani anenazi Alinafe akhoza kuziona ndi maso ake, apeze chiphaso cha kuchipatala cha apongozi m'thumba la jekete ya alamu ake, awerenge mtengo wa mankhwala, asokonezeke. Tikhala tamumvetsa Mavuto osalowa m'mutu mwake.

Mayi Nachisale:
Chiphaso chopezeka m'thumba ndi njira yofupika kwambiri bambo, owerenga anazolowera. Ndipo mlamu amapisa bwanji m'jekete ya mlamu wake? A Tadala ayese mutu wa Mavuto, masamba atatu. Ukakanika autaye.

Tadala:
Ndiyesa zonse ziwiri. Pakadali pano ndatsimikiza "ana-" womamatira, kusinthana Kondwani ndi Alinafe, ndipo mitu ndinalemba kale ija ndiitembenuza. Chimene sindinadziwebe ndi mutu womaliza. Kondwani wabwezedwa, watsika basi ku Lilongwe ndi kachikwama kamodzi, akupita ku Njewa, ndipo kwa nthawi yoyamba onse awiri ali pamalo amodzi. Tione ndi maso a ndani?

Yamikani:
A Kondwani. Ndi amene akuona nyumba koyamba.

Chisomo:
Koma nyumbayo wowerenga waiona kale mitu isanu ndi umodzi. Chimene sanaone ndi Kondwani kuchokera kunja, mmene waondera, nsapato zake, kachikwamako. Zimenezo angatipatse ndi Alinafe yekha.

Bambo Mbewe:
Onse awiri muli ndi mfundo. Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito ndi wakuti chochitika chiperekedwe kwa amene akudziwa zochepa polowa, chifukwa ndi amene asinthe kwambiri potuluka. Ndiye zitengera zimene a Tadala aike m'mitu iwiri ya m'mbuyo. Ngati Alinafe wamva kale kwa thiransipota kuti mwamuna wake anali ku Lindela, wosadziwa ndi Kondwani, mutuwo ndi wake. Ngati Kondwani wauzidwa kale za simenti ndi mnzake m'basi, mutuwo ndi wa Alinafe. Chimene musachite ndi kulowa m'mitu yonse iwiri pa tsamba lomalizalo chifukwa choti akumana. A Tadala, lembani kukumanako kawiri, mawu 300 mbali iliyonse, muponye pano Loweruka lisanafike, ndipo mutiuze kuti aliyense akudziwa chiyani pamene Kondwani akutsika kabaza pa poloti.